Thandizeni, maziro akundithera pa p(z) = z^4 − 6z + 3

Wosatchula dzina: Abale ndithandizeni mayeso ndi Lachisanu. Laputopu inafa, mnzanga wa mu rumu anabwereka notsi zanga mpaka lero sanabweze, moti tulo sindikugona. Akuti tiwerenge maziro a p(z) = z^4 − 6z + 3 mkati mwa seko ndi agyumenti prinsipo. Ndayika mapointi anayi, mayankho onse akugwera kumanja, sakuzungulira 0 olo kamodzi. Ndiye kuti mulibe ziro? Koma shiti ya mayankho ikukana.

Nkhwazi: NDI 1 BASI. p(1) = −2, p(i) = 4 − 6i, p(−1) = 10, p(−i) = 4 + 6i, kenako kubwerera pa −2. Wachoka kumanzere, wadutsa pansi, kumanja, pamwamba, wafikanso. Kuzungulira kamodzi, ziro imodzi, ili cha pa 0.51. Ana a masiku ano ulesi.

Make Tada: Digiri ndi 4 ndiye maziro ndi 4, zovuta zili pati?

Nkhwazi: Mayi 4 wanuyo ndi wa puleni yonse, pano akufunsa MKATI MWA SEKO.

Mjomba265: Ine chinandigwetsa chaka chatha ndi `atan2`, imadumpha kuchoka 180 kupita −180 ndiye ndinkangopeza 0. Komanso osabwereketsa notsi achimwene.

Aphunzitsi a masamu: A Nkhwazi mwatenga |z| = 1, koma mwiniwake sanatchule rediyasi, ndipo akuti zonse zagwera kumanja pomwe −2 wanuyo ali kumanzere. Seko yake ndi iti?

Wosatchula dzina: Pepani aphunzitsi, ndi |z| = 2. Ndapeza 7, 19 − 12i, 31, 19 + 12i.

Aphunzitsi a masamu: Eya, manambalawo ndi olondola, vuto mapointi atalikirana. z ikayenda kota ya seko, z^4 imakhala yazungulira kale kathunthu, ndiye inu mukumaipeza yabwerera pa 16 nthawi zonse ngati sinasunthe. Tayesani pakati pa 2 ndi 2i, pa madigiri 45. Pamenepo z^4 = −16, ndipo p ikutuluka pafupifupi −21.5 − 8.5i, kumanzere kwenikweni. Ulendo umenewo ndi umene munaudumpha. Kuti mutsimikize, pa seko imeneyi |z^4| = 16 pomwe |−6z + 3| singapose 15, ndiye mbali yaing'onoyo singakokere p pa 0, p ingotsatira z^4 n'kuzungulira kanayi. Maziro 4. Zikusonyezanso kuti palibe ziro yokhala pa mzere wa sekoyo, ikanakhalapo prinsipoyi sikanagwira.

Nkhwazi: Imeneyo ndi Rouché osati agyumenti prinsipo, AMUDULA MAMALIKISI. Angoyika mapointi 8 basi.

Aphunzitsi a masamu: Rouché amachokera momwemo bambo. Ndipo 8 sakwana, sitepe iliyonse z^4 ikudumpha madigiri 180, simungadziwe ngati yadzera pamwamba kapena pansi.

Make Tada: Ndiye 4 ndinanena ija bwanji munandikalipira?

Wosatchula dzina: Nanga mu mayeso ndiyike mapointi angati kuti akwane, 16? Kakyuleta yanga ilibe makompuleksi.