Ndithandizeni: ndikayankhule chiyani potsegulira gulu lathu la masewera olimbitsa thupi?

Membala wobisa dzina:
Abale, ndithandizeni, tulo sindikupeza. Tayambitsa gulu la masewera olimbitsa thupi m'dera mwathu ndipo tikulitsegulira Loweruka likubwerali. Andisankha ine kuti ndikayankhule mawu olimbikitsa anthu kuti azibwera mosadumphitsa komanso kuti tizichitira limodzi. Chibadwire sindinaimepo pagulu.

Ganizo la gululi linali langa, koma tsiku losankha maudindo ndinali kuchipatala ndi mwana. Pobwera ndinapeza mpando waperekedwa kwa mayi wina amene sanayendepo nafe ndi tsiku limodzi lomwe. Panopa nkhani yawo ndi ya malaya ofanana basi, akuti akhale obiriwira, ena akufuna achikasu, takangana mpaka awiri atuluka. Mlamu wanga nayenso akuti ndi thupi langali ndikawauza chiyani anthu. Mawu amenewo andipweteka kwambiri.

Poyambira ndalemba chonchi: "Abale ndi alongo, kuyenda awiri si mantha. Lero tayamba ulendo wosintha miyoyo yathu. Ikamatha miyezi itatu, aliyense pano adzakhala atatsitsa makilogalamu 10 ndipo matenda adzatithawa." Apa ndiye mutu waima. Ndipitirize bwanji?

Chitsulo:
MAWU SALIMBITSA THUPI mayi. Musataye nthawi. Imani, nenani kuti "mawa 4:30 m'mawa pano", basi. Tsiku loyamba makilomita 10, ofooka adzipatule okha, mutsale ndi anthu enieni. Wojomba alipire chindapusa. Ine ndathamanga kuyambira ndili mnyamata, palibe anandiyankhulirapo mawu olimbikitsa.

Mayi wa Mapasa:
Mlamu wanuyo musiyeni, achemwali. Wanganso anali choncho. Nditabereka ndinalowa gulu lina, iye n'kumandiseka. Koma chinandichotsa kumeneko si iyeyo ayi. Tikayamba kuyenda, achinyamata ankathamanga n'kutisiya, ine ndimafika iwo atamaliza kale, akujambulana zithunzi. Ndinaona kuti ngati ndikuyenda ndekha, bola ndizikhala kunyumba. Gululo linatha lokha.

Wa Zoimbira:
Chachikulu ndi sipika. Pabwalo mawu amabalalika ndi mphepo, akumbuyo samva kanthu. Yesani maikolofoni anthu asanafike ndipo musaime kutsogolo kwa sipika, imalira.

Kamfana Kovuta:
Makilogalamu 10 aliyense? Nanga ife owonda kale titsala ndi chiyani amayi, mafupa? 😂

Namwino Wopuma:
Mwanangu, funso langa ndi ili: amene mukawayankhulewo ndi anthu otani? Achinyamata kapena achikulire? Alipo odwala? Ndipo muzikumana liti, kuti, nthawi yanji? Simunanene, koma mawu anu onse atsamira pamenepo.

Za makilogalamu 10 zija fufutani. Masewera okha, munthu osasintha kadyedwe, amatsitsa thupi pang'ono ndiponso mochedwa. Mukalonjeza zimenezo, pakatha mwezi anthu adzakwera pasikelo, adzapeza sizinasinthe kwenikweni, adzati mwawanamiza ndipo adzasiya. Alonjezeni zimene zimayamba kuoneka msanga: kugona bwino, kukwera chitunda osapuma mwabefu, kudzuka pampando osagwira maondo. "Matenda adzatithawa" nawonso ndi mawu oopsa. Wina wa kuthamanga kwa magazi akhoza kumva kuti asiye mankhwala.

Chitsulo:
Amayi, ndi ulemu wonse, mukuwanyengerera anthu. Thukuta ndi mafuta akutuluka. Munthu akapanda kumva kuwawa mawa lake ndiye kuti SANACHITE KANTHU. Gulu langa tinalipo ambiri, tatsala anayi, koma anayiwo ndi zitsulo.

Mayi wa Mapasa:
Mwadzitsutsa nokhatu bambo. Munalipo ambiri, mwatsala anayi. Mayiwa akufuna gulu la m'dera, inu mukuwaphunzitsa kubalalitsa anthu.

Chitsulo:
Anathawawo ndi aulesi. Inunso mwanena nokha kuti munathawa.

Namwino Wopuma:
Thukuta ndi madzi ndi mchere, bambo. Mukamwa madzi sikelo imabwerera pomwe inali. Kuwawa kwa minofu mwanena zoona kuti kumabwera munthu akayamba kumene: kumayamba tsiku lotsatira, kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumazilala. Koma si muyeso wa kupindula. Ndipo zimenezi n'zoyenera kulowa m'mawu otsegulira, chifukwa munthu amene sanachenjezedwe akadzuka miyendo ili gwa amaganiza kuti wavulala, osabweranso.

Aphunzitsi:
Ine ndithandize pa kayankhulidwe. Musapitirire mphindi zitatu kapena zinayi. Anthu adzakhala ataimirira, avala zochitira masewera, akufuna kuyamba. Lembani, muwerenge mokweza mukuyang'ana wotchi, muone pamene mukupunthwa. Patsikulo mutenge kapepala ka mitu yokha, musawerenge liwu ndi liwu. Tsiku, nthawi ndi malo muzinene kawiri, koyambirira ndi kumapeto, chifukwa ndi zokhazo zimene munthu amapita nazo kunyumba. Za malaya ndi za mpando musazikhudze ngakhale mophiphiritsa. Ndipo auzeni masitepe 10,000 patsiku, ndilo lamulo la madokotala.

Wowerenga Chabe:
Aphunzitsi, zonse mwanena bwino kupatula zomalizazo. Nambala ya 10,000 inatchuka ndi malonda a kachipangizo kowerenga masitepe ku Japan m'zaka za m'ma 1960, si lamulo la chipatala. Malangizo a bungwe la WHO a 2020 amanena za mphindi: 150 mpaka 300 pasabata za masewera apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu.

Aphunzitsi:
Chabwino, koma masitepe munthu amawaona pafoni. Mphindi "zapakatikati" azidziwa bwanji?

Namwino Wopuma:
N'zosavuta. Ngati ukuyenda ndipo ukutha kucheza koma sungathe kuimba, uli pakatikati. Ngati ukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, wafika pa zamphamvu. Ubwino wa gulu ndi umenewu, mnzako amene ukucheza naye amakuyeza osadziwa.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ambiri ndi amayi opitirira zaka 50, ena afika m'ma 60. Angapo ali ndi kuthamanga kwa magazi, awiri ali ndi shuga, wina amadandaula bondo. Achinyamata alipo ochepa. Masiku okumana sitinagwirizane, apampando akuti tidzakambirana malaya akafika. Ndipo dzulo aika chithunzi chawo chokha pa uthenga woitanira anthu, dzina langa palibe.

Kamfana Kovuta:
Chitsulo amafuna kuthamangitsa agogo makilomita 10 mumdima 😭

Chitsulo:
SANANENE kuti ndi agogo! Komabe chindapusa chikhalepo. Popanda chilango palibe mwambo.

Mayi wa Mapasa:
Chindapusa ndi chimene chimatsekereza munthu. Wajomba kawiri, ngongole yakula, akuchita manyazi, sabweranso. Ine akanangondiimbira foni n'kufunsa kuti muli bwanji, ndikanabwerera.

Namwino Wopuma:
Apa ndiye nkhani yaoneka. Vuto lanu si mawu, mwanangu. Simungauze anthu kuti "muzibwera nthawi zonse" pamene nthawiyo palibe. Pitani kwa apampando lisanafike Loweruka, mugwirizane masiku ngakhale ongoyesera kwa mwezi umodzi. Tiyerekeze kuti mwasankha Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, 6 koloko m'mawa. Kulekanitsa masiku choncho kumapatsa minofu mpata wopuma. Ine ndikanayankhula motere:

"Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Tizikumana pano Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, 6 koloko m'mawa, kwa mphindi 40. Zoyamba 5 tiziyenda pang'onopang'ono kuti thupi litenthe. Kenako mphindi 20 tiziyenda mwachangu, liwiro loti ungathe kucheza ndi mnzako. Mphindi 10 tizilimbitsa minofu: kukhala pampando n'kudzuka, kukankha khoma ndi manja, kuima ndi mwendo umodzi utagwira poti usagwe. Zomaliza 5 tiziziziritsa thupi ndi kudziwongola.

Pano palibe wosiyidwa. Tiziyenda mozungulira bwalo, wachangu azungulire kambiri, wapang'onopang'ono azungulire mochepa, koma tiyambire limodzi ndi kumalizira limodzi. Lero aliyense asankhe mnzake mmodzi, mupatsane manambala. Mnzako akapanda kuoneka, umuimbire tsiku lomwelo. Ukajomba, palibe mlandu, ubwere tsiku lotsatira.

Sabata yoyamba miyendo idzawawa masiku awiri atatu, n'zachibadwa, zidzatha. Koma ukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kwachilendo kapena ululu wobaya m'bondo, ima pomwepo utiuze. Amene mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena a mtima, musasiye, ndipo kawauzeni achipatala kuti mwayamba masewera. Tionane Lolemba, 6 koloko, pompano. Tiyeni tiyambe."

Mukatero muyambe kuyenda nthawi yomweyo, anthu asabalalike asanalawe.

Wowerenga Chabe:
Koma amayi, mphindi 20 katatu ndi 60 zokha. Pa 150 paja tili kutali.

Namwino Wopuma:
Inde, ndipo n'dala. Munthu amene wakhala zaka osachita masewera sayambira pa 150. Aziwonjezera mphindi 5 pa kuyenda kuja pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka afike 30 kapena 35. Zotsalazo aliyense akwaniritse ndi mnzake uja masiku apakati. Kwa amene afika zaka 65, malangizo omwewo amati masewera othandiza kuti munthu asamagwe azichitika masiku atatu pasabata, n'chifukwa chake ndaikamo kuima ndi mwendo umodzi. A shuga aja, makamaka obaya jakisoni, asabwere ndi njala, atenge kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo avale nsapato zosathina, aziona mapazi akafika kunyumba.

Bambo wa Jimu:
Zonsezi popanda zitsulo n'kusewera. Sonkhani mugule zonyamula.

Chitsulo:
6 koloko dzuwa latuluka kale. Ndipo kuzungulira bwalo n'kotopetsa, achinyamata aja adzathawa sabata yomweyo, mudzandiuza. Apatseni msewu athamange.

Mayi wa Mapasa:
Apa pokha ndikugwirizana nanu pang'ono. Mwina achinyamata azithamanga panjira yawo koma azibwerera pa nthawi ya minofu ija.

Aphunzitsi:
Mukawagawa tsiku loyamba ndiye kuti muli ndi magulu awiri, mawu oti "limodzi" aja agwa.

Membala wobisa dzina:
Amayi anamwino, Mulungu akudalitseni, ndakopera zonse. Ndawaimbira apampando, avomera Loweruka ndi Lachitatu, koma Lolemba akukana, ndipo akuti 6 koloko ena amakhala akukonzekeretsa ana a sukulu. Akutinso iwo ayankhula kaye ine ndisanayankhule, ndiye sindikudziwa atenga mphindi zingati. Masiku awiri okha akwanira poyambira, kapena ndilimbikire atatu?

Chitsulo:
ASANU.