Ana anga akuthamangira mayankho asanayese funso

Mphunzitsi watsopano: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndapatsa a Fomu 4 mapepala akale a MSCE pamodzi ndi mayankho ake. Dzulo panali funso la GP, mndandanda wa manambala umene temu iliyonse imapezeka pochulukitsa yapitayo ndi nambala imodzimodzi: temu yachitatu ndi 12, yachisanu ndi chimodzi ndi 96, apeze temu yoyamba a ndi nambala yochulukitsira r. Mtsikana wina anangoliwerenga kamodzi n'kutembenuza tsamba. Mnzake anakana kusuzumira, nthawi yonse ya sitade inatha ali pa 96 − 12 = 84, kugawa ndi 3, kupeza 28. Ndiwauze kuti ayang'ane yankho nthawi iti?

Sala a sayansi: Alandeni mayankhowo basi. Mu holo ya MANEB adzakopera kuti?

Mphunzitsi watsopano: Sikuti akubera ayi, sala. Ndikunena za powerenga paokha, madzulo ine kulibe.

Madamu a masamu: Ine ndimawauza mphindi khumi. Zikatha, ayang'ane.

A hedi a dipatimenti: Madamu, mphindi khumizo zimathandiza wothamangayo, koma wa 28 uja ngakhale mutam'patsa ola sasuntha. Wagwiritsa ntchito njira ya AP, yowonjezera nambala imodzimodzi, pa funso la GP. Ine ndimayang'ana chimene mwana walemba m'kope, osati wotchi.

Ngati sangathe kulemba fomula ya temu ya GP, arⁿ⁻¹, asatayenso nthawi, chifukwa chimene sanachigwire sangachikumbukire poluma cholembera. Atsegule buku pa mutuwo, osati yankho la funsolo, awerenge chitsanzo, atseke, abwerere.

Koma ngati walemba ar² = 12 ndi ar⁵ = 96 n'kuima, ameneyo ali pakhomo penipeni. Apa ndiye pamene mphindi zanu zija zili ndi ntchito. Adzifunse: a ndimuchotsa bwanji? Zikakanika, aphimbe yankho ndi pepala n'kutsitsa mzere umodzi wokha. Akaona kuti agawa, aphimbenso. Zotsalazo, r³ = 8, r = 2, a = 3, amalize yekha.

Madamu a masamu: Vuto akawerenga yankho amati "aa, n'zophweka", mawa lake zauluka.

A hedi a dipatimenti: N'chifukwa chake mawa lakelo mum'sinthire manambala: yachiwiri 6, yachisanu 162. Akapeza r = 3 ndi a = 2 buku lili chitsekere, wamva. Akalephera, dzulo anangowerenga.

Sala a sayansi: Koma timabuku ta mayankho togula pamsika musamatikhulupirire kwambiri. Mwana wanga wina anafufuta ntchito yolondola chifukwa kabuku kanalakwitsa chizindikiro.

A hedi a dipatimenti: Zoona. Asanafufute, abwezere yankho lake m'funso: 3, 6, 12, 24, 48, 96. Yachitatu 12, yomaliza 96.

Mphunzitsi watsopano: Zikomo, bwana. Chatsala ndi ichi: buku ndi limodzi pa ana asanu ndi atatu, ndipo limagona ku ofesi. Wofuna buku uja usiku atani?

Madamu a masamu: Manotsi ake ali nawo? Ayambire pamenepo. Apo ayi, alembe pamene waimira, adumphe funsolo, alibweretse m'mawa.