Ngalande ya mapaipi ku Santhe: tilipire pa mita kapena pa tsiku?

Msungichuma: Abale, ngalande yochoka pa thanki kukafika kusukulu ndi mamita 600, aganyu ndi 10. Pa tsiku akufuna K5,000 aliyense. Kapitawo akuti munthu amakumba mamita 5 patsiku, ndiye ndi masiku 12, ndalama K600,000. Tikalipira K900 pa mita, zonse zikwana K540,000. Tisankhe chiti?

Wapampando: Pa mita basi, tipulumutsa K60,000. Za pa tsiku anthu amangotsamira khasu kudikira dzuwa lipendeke.

Mayi a ku Area 25: Kodi si paja ankati mudzi uliwonse ukumba chigawo chake mwaulere?

Msungichuma: Ayi mayi, zija zinali za mchenga ndi njerwa.

Mmisiri wopuma: A Wapampando, mwalondola theka. K5,000 ya mamita 5 ndiye kuti mita imodzi ikutidyera K1,000, choncho K900 ndi yotsikadi. Nayenso waganyu sadandaula, poti pa muyeso amalawirira, akakumba mamita 7 wapeza K6,300. Koma njirayo ndinaiyenda ndi mapazi mwezi watha. Kuseri kwa tchalitchi kuli mamita ngati 100 a miyala yokhayokha, piki imachita kudumpha. Pamenepo munthu wamphamvu sapitirira mamita 2, ndiye pa K900 atuluka ndi K1,800 tsiku lonse. Adzakumba pofewa, akadzafika pamiyala simudzawaonanso.

Wapampando: Nanga titani bambo?

Mmisiri wopuma: Mitengo ikhale iwiri. Mamita 500 ofewa pa K900 ndi K450,000, amiyalawo pa K2,500 ndi K250,000, pamodzi K700,000. Musadzidzimuke, chifukwa K600,000 ijanso inaiwala miyala. Pa tsiku, pofewa padzatha masiku 10, pamiyala 5, ndiye masiku 15 pa K50,000 ndi K750,000.

Mphunzitsi: Ine kumunda kwanga ndinalipirapo pa mzere popalira chimanga. Anatha msangadi, koma udzu anangoukwirira ndi dothi, mvula itagwa unadzukanso. Apa sadzakumba mosazama?

Mmisiri wopuma: Adzatero mukapanda kuyeza. Dulani ndodo ya masentimita 60, pomwe sinalowe yonse mitayo isawerengedwe. Muwaonetse ndodoyo asanayambe, osati tsiku lolandira. Paipi ikakhala pamwamba, ngolo ikadutsa imaphwanyika.

Mayi a ku Area 25: Ine mtima wanga uli pa amayi awiri achikulire aja amene mfumu inatipempha kuti tiwalembe. Mamita 7 sangakwanitse. Akakumba 3 ndi K2,700 yokha, pomwe tinawalemba kuti apeze ya chimanga.

Mphunzitsi: Iwowo azikwirira ngalande ndi kutunga madzi, pa tsiku.

Msungichuma: Zimenezo sizili mu K700,000, ndipo m'thumba muli K680,000. A Wapampando, tisonkhenso kapena titsitse mtengo wa pamiyala?

Wapampando: Ndiyambe ndakaona miyalayo Loweruka.