Kodi kuyankhula pothamanga kungalowe m'malo mwa wotchi?

Anzanga othamanga muno mu Harare, ndithandizeni. M'mawa wa Juni kukazizira, wotchi ya pamkono imalephera kuwerenga bwino kugunda kwa mtima, chifukwa magazi amachepa pakhungu. Imayamba kutsatira mapazi n'kuonetsa 170 munthu akuthamanga pang'onopang'ono, pomwe mtima uli mwina pa 140. Kumanga lamba kumtunda kwa fupa la dzanja kumathandiza, koma osati tsiku lililonse.

Njira imene ndikudalira ndi yoyankhula. Pakatha mphindi 10 thupi litatentha, nenani mokweza chiganizo cha mawu pafupifupi 15. Chikatuluka chonse mosadukiza, liwiro ndi lofewa. Mukamapumira pa mawu atatu alionse, mwapitirira, chepetsani kapena yendani.

Pondivuta ndi apa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye mlendo wochokera ku Nsanje amapuma mwawefuwefu msanga ngakhale miyendo isanatope. Kodi atsatire mpweya n'kutsitsa liwiro masabata oyamba? Nanga pokwera chitunda ngati Kopje, kudukiza mawu kwa mphindi imodzi n'kololedwa, kapena ayambe kuyenda pomwepo? Inu mumayesa kangati pa ola limodzi?