Zotsatira za kupweteka m'mimba kwa amayi

Ndinafunsa kuti: "Amayi anga akumva kupweteka m'mimba kumanzere, pansi pa mchombo, thupi latentha masiku atatu. N'chiyani?"

Ndabweranso, abale. Kuno ku Ulongwe tinayamba taganiza malungo, koma atawayeza sanawapeze. Titapita ku Tete, dokotala atadina pamalopo amayi anakuwa, ndipo magazi anasonyeza kuti m'thupi muli kutupa.

Dokotala anati ndi matenda otchedwa divetikulaitisi. Anatifotokozera kuti thumbo lalikulu lili ndi malo ofooka pomwe timitsempha ta magazi timalowera. Munthu akamakalamba, komanso akamadzimbidwa n'kumakankha chimbudzi cholimba, khungu la m'kati limatulukira pamenepo n'kupanga timatumba ngati nsawawa. Ambiri ali nato osadziwa. Vuto limabwera kathumba kakatupa n'kugwira tizilombo, ndiye divetikulaitisi.

Amayi anawapatsa mankhwala opha tizilombo a sabata imodzi. Masiku awiri oyamba ankangomwa madzi ndi phala lamadzimadzi. Panopa akudya mgaiwa, nyemba ndi nkhwani, ufa woyera tausiya. Ndinkaopa kuti nthangala za chimanga zingalowe m'timatumbato, koma akuti sizivuta.

Chimene chinandiopsa: kathumba kangathe kubooka. Mimba ikauma gwa, akamasanza, kapena magazi akatuluka m'chimbudzi, tithamangire kuchipatala usiku womwewo. Pakatha masabata 6 adzawaunika m'matumbo ndi kamera, kutsimikiza kuti si khansa.