Thandizeni: chitsulo cha T, sentiroidi ikundipatsa 85 koma yankho akuti 82.7

Wophunzira wa ku Chitawira

Akuluakulu, ndithandizeni. Funso lake ndi chitsulo chooneka ngati T chikadulidwa. Mutu wake, fulanje, ndi mamilimita 120 m'lifupi ndi 20 kuchindikala. Mwendo wake, webu, ndi 20 kuchindikala, ndipo chonsecho kuyambira pansi mpaka pamwamba ndi 120. Akufuna sentiroidi ndi sekandi momenti ya eriya pa mzere wopingasa wodutsa pa sentiroidiyo. Ndapanga chonchi, kuyeza kuchokera pansi:

```
A1 = 120 x 20 = 2400   y1 = 110
A2 = 20 x 120 = 2400   y2 = 60
ȳ = 85 mm   I = 5,960,000 mm^4
```

Papepala la mayankho palembedwa 82.7 ndi 5.67 miliyoni. Ndabwereza katatu, kakyuleta ikungondipatsa zomwezo. Ndikuphonya pati?

Mlongo wa chaka chachitatu, Chichiri

Achimwene, webu si 120, ndi 100. Mukakonza pamenepo, pezani bd^3/12 ya chidutswa chilichonse n'kuwonkhetsa, basi mwamaliza.

Mphunzitsi wopuma, Namiwawa

Mwanawe, mlongo wakoyu waona bwino poyambapo. Jambula T yako papepala, ulembe mzere pomwe mutu wakhalira pa mwendo. Kabokosi ka 20 ndi 20 kapakati pa mutupo wakawerenga kawiri, m'fulanje komanso m'webu. Kali kumtunda, n'chifukwa chake kakokera sentiroidi yako m'mwamba kufika pa 85. Mwendo umathera pomwe mutu wayambira: 120 kuchotsa 20, kutsala 100, ndipo pakati pake ndi pa 50.

```
ȳ = (2400x110 + 2000x50) / 4400
  = 364,000 / 4400 = 82.73 mm
```

Koma mayi, pachiwiripo ayi. Mukangowonkhetsa bd^3/12 mupeza 80,000 ya fulanje ndi 1,666,667 ya webu, zonse 1,746,667, zosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a yankho. Fomula imeneyo imanena za chidutswa pamene chikupindikira pa mzere wodutsa pakati pake pa icho chokha. Pano zidutswa ziwirizi zalumikizana, ndiye zikupindikira pa mzere umodzi, uja wa pa 82.73. Pakati pa fulanje pali pamwamba pa mzerewo, pakati pa webu pali pansi pake. Thiyoremu ya paralelo akisisi ntchito yake ndi imeneyo: pa chidutswa chilichonse uwonjezere eriya yake kuchulukitsa ndi sikweya ya mtunda wochoka pakati pake kufika pa mzere wa onse.

```
d1 = 110 - 82.73 = 27.27
d2 = 82.73 - 50  = 32.73
fulanje: 80,000 + 2400 x d1^2    = 1,865,124
webu:    1,666,667 + 2000 x d2^2 = 3,808,815
I = 5,673,939 mm^4
```

Manambalawa ndawapeza osadula madesimo m'kakyuleta, ndiye ako akasiyana pang'ono kumapetoko usadabwe. Taona fulanjeyo. Payokha ndi 80,000 chabe, chifukwa ndi yopyapyala, koma chifukwa chokhala patali ndi mzere yabweretsa zoposa 1.78 miliyoni. Mphamvu ya T yagona pamenepo, ndipo amene wasiya gawo la A x d^2 wataya T yonse.

Mlongo wa chaka chachitatu, Chichiri

Zikomo bambo, ndinasokoneza ndi mzere woimirira. Kumeneko ndiye timangowonkhetsa eti?

Mphunzitsi wopuma, Namiwawa

Eya. Pa mzere woimirira, pakati pa zidutswa zonse ziwiri pali pa mzere womwewo, d ndi ziro. Kungoti b ndi d za m'fomula ya bd^3/12 zimasinthana: fulanje ndi 20 x 120^3/12, yomwe ndi 2,880,000, webu ndi 100 x 20^3/12, yomwe ndi 66,667. Mbali yokwezedwa katatu nthawi zonse ndi ija yodutsana ndi mzere.

Injiniya wa zomangamanga, Ginnery Corner

Ndiwonjezereko njira yodzigwira wekha usanapite patsogolo. Ukapeza ȳ, chulukitsa eriya ndi d mbali zonse ziwiri. 2400 x 27.27 ndi 2000 x 32.73 zonse zikubwera pafupifupi 65,455. Zikapanda kufanana, sentiroidi ndi yolakwika, usavutike n'kupitiriza. Koma dziwa malire ake: kuyesa kumeneku kumagwira zolakwa za masamu zokha. Manambala ako oyamba aja akanadutsa bwinobwino, 2400 x 25 mbali zonse, chifukwa cholakwa chinali pa kadulidwe. Chimenecho chimagwidwa ndi kuwonkhetsa: 20 ya mutu ndi kutalika kwa mwendo zipereke 120.

Ine ndimakonda njira ina. Ndimapeza I yonse pa mzere wapansi, kenako n'kuibweza kamodzi kupita pa sentiroidi.

```
I_pansi = 29,120,000 + 6,666,667 = 35,786,667
I = 35,786,667 - 4400 x ȳ^2 = 5,673,939
```

Apa tikuchotsa, osati kuwonjezera, chifukwa I imachepetsetsa pa mzere wa sentiroidi. Ukawonjezera n'kupeza 65.9 miliyoni, dziwa kuti watembenuza chizindikiro.

Mphunzitsi wopuma, Namiwawa

Ainjiniya, njira yanuyo ndi yoona, koma kwa wophunzira sindiilola msanga. Tayesani kudula ȳ kukhala 83, monga amachitira ambiri. M'njira yanga yankho lisuntha ndi 327 yokha pa 5.67 miliyoni. M'njira yanu 4400 x 83^2 ndi 30,311,600, yankho n'kugwa kufika pa 5,475,067, kuperewera ndi 3.5 pa 100 iliyonse. Mukuchotsa nambala yaikulu pa inzake yaikulu, ndiye kadesimo kamene mwataya kamakula.

Injiniya wa zomangamanga, Ginnery Corner

Zoona bambo, pa kakyuleta ya m'manja pamafunika kusamala. Koma zidutswa zikakhala zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa kompyuta, yomwe sidula madesimo, njira yangayi siichedwetsa, chifukwa sudikira ȳ kuti udzaze tebulo. Sindiisiya.

Wowotcherera wa ku Ndirande

Mabwana, sukulu yanuyo sindinafikeko, koma T ndimaipanga powotcherera mafulati awiri. Kasitomala akufuna ikhale mtanda wa shedi ndipo akuti mutu uyang'ane pansi. Ine ndikuti ifooka. Masamu anuwa akuti chiyani?

Injiniya wa zomangamanga, Ginnery Corner

Achimwene, mukaitembenuza I sisintha, ndiye kuwerama kwake pansi pa katundu n'chimodzimodzi. Chosintha ndi mbali imene ikukokedwa ndi imene ikupanikizidwa. Pa T ya m'funsoli, nsonga ya mwendo ili pa mamilimita 82.73 kuchokera pa mzere, pamwamba pa mutu pali pa 37.27, ndiye nsonga ya mwendo imamva kuwirikiza 2.2 poyerekeza ndi mutu. Mtanda wokhazikidwa mbali ziwiri umapanikizidwa pamwamba. Mukaika mutu pansi, kupanikiza kwakukuluko kugwera pa nsonga ya mwendo wopyapyala, ndipo ungathe kupindikira cham'mbali msanga ngati palibe chougwira. Komanso masamu onsewa amaganiza kuti mafulati awiriwo ndi chinthu chimodzi. Mukangodontheza timadontho ta weludi apa ndi apo n'kuthyoka, mafulati amatsetserekana, ndipo 5.67 miliyoni ija imabwerera ku 1.75 miliyoni. Tipatseni saizi ya mafulati, kutalika kwa mtanda ndi zimene zikhale pamwamba pake.

Wowotcherera wa ku Ndirande

Ndiyeza mawa m'mawa, tepi ndaisiya ku shopu.

Wophunzira wa ku Chitawira

Zikomo kwambiri nonse, yatuluka 5,673,939. Funso lotsatira lili ndi bowo la bawuti pa webu. Ndichotse eriya ya bowolo ndi I yake yokha, kapena ndi A x d^2 yake yomwe?

Mphunzitsi wopuma, Namiwawa

Zonse zitatu, ndipo uyambirenso pa ȳ, chifukwa bowolo lasuntha sentiroidi.