Mnzathu wa kuntchito wasintha dzina, koma lilime langa likutsalira m'mbuyo

Wofunsa (wabisa dzina): Abale ndi alongo, makamaka inu muli ku Mangalande kuno, ndigawireni nzeru. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndine ndimalemba ndandanda ya mashifiti. Mnzathu amene takhala naye zaka 3 watiuza tonse kuti wasintha dzina, ndipo pansi pa dzina latsopanolo pa imelo walemba `they/them`. Sabata ino yokha ndamuitana dzina lakale kanayi, kamodzi pamaso pa achibale a agogo ena. Sanandikalipire, anangoyang'ana pansi n'kupitiriza kupinda nsalu za pabedi. Ndinapepesa mpaka iyeyo ndiye anayamba kunditonthoza. Sindikufuna kumupweteka mtima. Ndichite chiyani kwenikweni? Nanga mapepala akale ndiwatani?

Mayi wina wa ku Leeds: Ngati wakwatiwa ingomufunsani setifiketi ya ukwati, a ofesi asinthe dzina la bambo. Sizivuta zimenezo.

Wofunsa: Ayi mayi, si za ukwati. Wasintha dzina loyamba, ndipo sakufunanso kutchulidwa ngati mkazi.

Namwino wa ku Manchester: Achemwali, yambani ndi kapepesedwe, chifukwa m'pamene mukumulemetsa kwambiri. Mukaphonya, tchulani dzina lolondola pompo, nenani pepani kamodzi, pitirizani zimene mumanena. Zisapitirire masekondi 5. Mukayamba kufotokoza kuti munazolowera, kuti n'zovuta, kuti simunachitire dala, anthu onse m'chipindamo amatembenukira kwa iye, ndipo katundu wokukhazikani mtima pansi amagwera amene mwamulakwirayo.

Tsono chimene chikukubwezerani ku dzina lakale ndi maso anu. Mukuliwerenga mwina kakhumi patsiku osazindikira. Lero lomwe sinthani dzinalo mufoni mwanu, pa ndandanda ya mashifiti, pa bolodi la m'chipinda cha ogwira ntchito, ndi pa loka yake ngati wavomera. Baji ndi imelo ya kuntchito kumbutsani amanijala. Lilime limatsatira zimene maso akuona.

Za `they` musaziope. Ife Chichewa chinatipatsa kale njira. Timati "agogo abwera, iwo akudwala" tikunena munthu mmodzi, palibe amasokonezeka. Chingerezi chake chimayendanso chimodzimodzi, mneni amatsatira zambiri ngakhale munthu ndi mmodzi. Polemba zosiyirana ntchito zizioneka chonchi:

```
They are on nights this week.
I gave them the keys.
```

Madzulo aliwonse nenani mokweza ziganizo 5 za mnzanuyo, za ntchito yeniyeni: ndani wasambitsa ndani, makiyi ali ndi yani. Kuyeserera mumtima sikuthandiza, pakamwa ndi pamene pakufunika kuzolowera. Ndipo muzitero ngakhale iye palibe. Amene amatchula bwino pamaso pake pokha, kumbali n'kumabwerera ku dzina lakale, amaphonyabe mpaka kalekale.

Bambo wina wa ku Luton: Chenjerani, kuno mukaphonya kamodzi kokha ndi mlandu wa kupolisi. Komanso musasinthe kalikonse asanakuonetseni chikalata cha boma.

Mayi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito: Bambo, zoti lamulo lilipo mwalondola, koma zinazo ayi. Lamulo lake ndi Equality Act la 2010. Limateteza munthu amene akufuna kusintha, akusintha, kapena anasintha kale, ndipo silifuna kuti akhale atapita kuchipatala kapena akhale ndi setifiketi. Mu 2020 khoti la za ntchito ku Birmingham linagamula kuti chitetezochi chimafikanso kwa amene sadzitchula mwamuna kapena mkazi, ngakhale chigamulo cha khoti laling'ono ngati limenelo sichimanga makhoti ena. Kuphonya mwangozi n'kudzikonza si kuzunza. Chimene chimafikitsa munthu ku mlandu wa kuntchito ndi kuchitira dala mobwerezabwereza atauzidwa kale, kapena kumuseka. Ndi nkhani ya mwambo wa pantchito ndi khoti la za ntchito, kuphonya dzina sikuitanitsa apolisi.

Pa mapepala, achemwali, siyanitsani mitundu iwiri. Baji, ndandanda, imelo ndi dzina lomuitanira sizidikira chikalata chilichonse. Za malipiro, msonkho ndi penshoni ndizo zimayenera kugwirizana ndi dzina limene a banki ndi a ofesi ya msonkho ya HMRC ali nalo, ndipo zimenezo amalongosola yekha ndi a ofesi. Inu mukaona dzina lakale pa pepala la malipiro, si umboni woti muzimuitana nalo.

Zolemba zakale za okalamba, monga mapepala a mankhwala amene anasainira chaka chatha, musafufute kapena kulembapo. Zimenezo ndi umboni wa zimene zinachitika tsikulo. Chofunika ndi chakuti pa ndandanda ya masiginecha a opereka mankhwala asainenso ndi zilembo zake zatsopano, alembe deti, kuti oyendera akadzabwera adziwe kuti zilembo ziwirizo ndi za munthu mmodzi. Apa m'pamene ambiri amaiwala, kenako papepala la mankhwala pamapezeka zilembo zimene palibe akuzidziwa mwini wake.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Joni: Ndiwonjezere chimodzi chimene ife timachiphonya. Pa Chichewa "iye" alibe chachimuna kapena chachikazi, n'chifukwa chake ambiri a ife timasakaniza `he` ndi `she` ngakhale ponena za mayi athu otibereka. Muuzeni mnzanuyo zimenezi kamodzi, mwachidule, kuti adziwe kumene vuto likuchokera, koma musazisandutse pobisalira. Msampha wathu weniweni uli m'maulemu: mayi, achemwali, asisi, anti. Mukamacheza ndi Amalawi anzanu pa nthawi ya tiyi, "asisi aja" ndi chimodzimodzi kubwerera ku dzina lakale, ngakhale mwiniyo samva Chichewa. Nenani "anzathu aja" kapena dzina lake basi. Polonjera gulu, mawu oti `team` kapena `everyone` pa WhatsApp amakwana bwino kuposa `ladies`.

Bambo wina wa mpingo: Ine chikhulupiriro changa sichigwirizana nazo zimenezi. Ndiye ndiname?

Mayi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito: Chikhulupiriro chanu lamulo lomwelo limachitetezanso, bambo, ndipo palibe akukufunsani kuti muchisiye. Koma silikupatsani chilolezo chomuitana mnzanu dzina limene wakana. Ena amasankha kugwiritsa ntchito dzina latsopanolo lokha m'malo mwa mlowam'malo. Zimatheka, kungoti zikafika pomazemba kulankhula naye, kapena kumusiya pomwe ena mukuwaitana, amaona, ndipo limakhala vuto lina.

Namwino wa ku Manchester: Chinanso achemwali, akabwera wogwira ntchito watsopano kapena wa ejensi, muuzeni dzina latsopano ndi `they`, mulekere pomwepo. Mawu oti "kale ankatchedwa chakuti" si anu oti munene. Za thupi lake, mankhwala, opaleshoni, kapena zimene makolo ake akunena, musafunse. Funso loyenera ndi limodzi, mumufunse muli awiri: "Wina akaphonya ine ndilipo, ndimukonze kapena ndisiye?" Ena amafuna muwathandize, ena safuna nkhaniyo ibuke pamaso pa alendo, ndipo mwina pali anthu amene sanawauze.

Wofunsa: Zikomo nonse, foni ndi ndandanda ndasintha kale. Latsala limodzi. Tili ndi agogo ena odwala matenda oiwala amene amamukonda kwambiri, ndipo amamuitana dzina lakale m'mawa uliwonse, atamugwira dzanja. Amenewo ndiwakonzenso?

Namwino wa ku Manchester: Ine sindingawakonze. Sasunga zatsopano, ndipo kuwakonza tsiku ndi tsiku kumangowasautsa. Inu muzingotchula dzina latsopano mukamalankhula pamaso pawo.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Joni: Koma amene akulimva dzinalo m'mawa uliwonse ndi mnzanuyo. Mufunseni kaye ngati akufuna kupitiriza kusamalira agogowo kapena muzisinthana, musamusankhire.